Pa sikirini zikuwala, papepala zikuda: vuto lili pati?

"Achimwene, ndine mtsikana wa zaka 23, ndimapanga madizayini pa laputopu kuno ku Mangochi: makadi a ukwati, maposita ndi mamenyu a malo ogona alendo. Chilichonse ndikapita nacho kokapulinta chimatuluka chakuda kuposa mmene chinalili pa sikirini. Sabata yatha mayi wina wakana makadi 150, ati nkhope ya mwana wake sikuoneka. Malo opulintira ndasintha kawiri koma palibe chasintha. Kodi andilodza, kapena ntchitoyi si yanga?"

Chemwali, palibe wakulodzani, ndipo ntchitoyi ndi yanu ndithu. Ine ndakhala pakati pa inki ndi mapepala zaka zoposa 20, ndinayambira pa makina akuluakulu ku Blantyre ndisanabwerere kuno kunyanja, ndipo sindikumbuka wophunzira ngakhale mmodzi amene sanapsepo ndi moto umenewu. Inenso unandiwotcha. Choyamba khazikani mtima pansi pa nkhani ya anthu opulinta aja. Mapulinta atatu osadziwana sangapangane kunama bodza limodzi. Onse akakupatsani mdima, ndiye kuti mdimawo uli m'fayilo yanu momwemo, ndipo amene akukubisirani ndi sikirini.

Ndikuuzeni za mtsikana wina amene anadzaphunzira ntchito kwa ine zaka zingapo zapitazo, chifukwa nkhani yake ikufanana ndi yanu ngati mapasa. Anali wa dzanja labwino, wodziwa kusanja zilembo, ndipo makasitomala ankamukonda. Tsiku lina anabwera ndi khadi la ukwati m'manja, maso ali psuu. Chithunzi cha akwati chinajambulidwa kugombe chakumadzulo, nyanja ikunyezimira kumbuyo kwawo. Pa laputopu yake chinali chokongola: diresi mbee, mkwati akumwetulira, ndolo zikuoneka. Papepala nyanja inatuluka bwino, diresinso bwino, koma nkhope ziwirizo zinali bii, mano ndi maso okha. Suti ya mwamuna inasanduka chibumba chimodzi, kolala osaoneka, thumba osaoneka. Iye ankafuna ndimuperekeze tikakalipire mnyamata wopulinta.

Ndinamuuza ayatse laputopu, atsegule tsamba loyera lopanda kanthu, ndipo ndinatenga pepala losalemba kanthu n'kuliimika pambali pa sikirini. Sindinayankhule. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, kenako anaseka chifukwa anali waona yekha. Sikirini inkathobwa m'maso, pomwe pepala, lomwe tonse timalitcha loyera, linkaoneka lotuwa ngati phulusa.

Chitani zomwezo lero musanawerenge zambiri. Sikirini ndi nyali, imatulutsa kuwala kwakekwake. Pepala si nyali, limangobweza kuwala komwe lapatsidwa ndi dzuwa kapena babu. Kuwala kwa sikirini amakuyeza m'makandela pa sikweya mita iliyonse, ndipo malaputopu ambiri mukawatsegula mpaka kumapeto amafika 250 kapena 300, ena kupitirira. Pepala loyera m'chipinda chowala bwino masana limabweza kuwala kwapakati pa 80 ndi 140. Ndiye kuti sikirini yanu ikuwala kawiri kapena katatu kuposa pepala limene mukalipereke kwa kasitomala. Nyali yamphamvu choteroyo imawalitsa ngakhale malo amdima a chithunzi, diso lanu n'kumaona tsatanetsatane m'mithunzi, inu n'kumati zili bwino. Pepala lilibe mphamvu imeneyo. N'chifukwa chake amene amakonza zithunzi zokapulinta amatsitsa sikirini kufika pakati pa 80 ndi 120.

Makina oyezera mulibe, ndikudziwa, ndipo panopa simukuwafuna. Pepala lija ndiye chida chanu. Khalani pamalo pamene mumagwirira ntchito masiku onse, masana, tsitsani kuwala kwa sikirini pang'onopang'ono mpaka kuyera kwa tsamba ndi kuyera kwa pepala zifanane mphamvu. Mtundu sufanana ndendende, sikirini imapendekera ku buluu pomwe pepala limapendekera ku chikasu, zimenezo zisiyeni. Pa malaputopu ambiri mudzapeza kuti mwatsika mpaka theka kapena pansi pa theka. Masiku awiri oyamba mudzadandaula kuti kwada. Pirirani, maso amazolowera. Lembani nambalayo pa kapepala, mumate pa laputopu, ndipo musamaisunthe.

Mtsikana uja anali ndi vuto lina lomwe mwina inunso muli nalo. Tebulo lake linali pa windo loyang'ana kumsewu, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa, makamaka Okutobala. Kuti aone kanthu masana ankakweza kuwala mpaka kumapeto. Usiku, kutazizira, ankapitiriza ntchito babu atazimitsa poopa udzudzu, sikirini ili pomwepo pamapeto. M'chipinda chamdima diso limatseguka, chithunzi chakuda chimaoneka chowala bwino. Magetsi akazima laputopu inkadzitsitsa yokha kuwala posunga batire. Tsiku limodzi, chithunzi chimodzi, ankachiona m'njira zitatu. Tinasamutsira tebulo kukhoma kumene dzuwa silifika, tinaika katani, tinazimitsa zoti makina azidzisinthira okha kuwala, komanso `Night light` ya Windows imene imachititsa sikirini chikasu usiku. Chomaliza chinali kupendekeka kwa sikirini. Malaputopu otchipa ambiri, mukakankhira sikirini kumbuyo chithunzi chimada, mukaikokera kutsogolo chimayezuka. Yesani yanu. Ngati ikutero, muziiyang'ana maso ali pakatikati peniipeni, ndipo muziitsegula mofanana tsiku lililonse.

Kutsitsa kuwalako sikukonza fayilo, kumangokuonetsani choonadi. Pamene tinatsegulanso chithunzi cha akwati chija pa sikirini yotsitsidwa, nkhope zinali zakuda pafupifupi ngati papepala paja. Apa ndi pamene ndinamuphunzitsa chinthu chimene ndikufuna inunso muchigwiritsitse: diso limanamizika, nambala siinamizika.

Kadontho kalikonse ka chithunzi kali ndi manambala atatu, R ya kufiira, G ya kubiriwira ndi B ya buluu, kuyambira 0 mpaka 255. Onse akakhala 0 ndi mdima wandiweyani, onse akakhala 255 ndi kuyera kotheratu. Manambalawa sasintha ngakhale mukweze kapena mutsitse sikirini. Mu Photoshop dinani `F8`, patseguka kawindo ka `Info`, kenako yendetsani mbewa pachithunzi muziwerenga. Tinaika mbewa patsaya la mkwati, mbali yowala, tinawerenga 62, 41, 33. Pa suti ya mwamuna tinapeza manambala apakati pa 8 ndi 20. Nyanja inali pamwamba pa 230. Kamera inali itayezera kuwala kwa madzi, anthu n'kutsala mumthunzi. Ojambula athu amakonda kuimika akwati atafulatira nyanja, ndipo sindiwada, nyanja ndi yokongola, koma ambiri sawalitsa nkhope ndi fulashi, ndiye ntchito yonse imagwera inu.

Pali chifukwa chimene vutoli limatiluma ife kuposa anthu akunja amene amaphunzitsa dizayini pa makanema. Khungu lathu limakhala m'chigawo chakumunsi cha manambala aja, kufupi ndi mithunzi, ndipo m'chigawo chimenechi ndi mmene pepala limalephera kwambiri kusiyanitsa. Nkhope ya mzungu ikada pang'ono imangooneka ngati wapsa ndi dzuwa. Yathu ikada pang'ono chimodzimodzi, mphuno ndi masaya zimasowa. Ndiye kwa ife nkhope ndiyo muyezo. Pa ntchito iliyonse yokhala ndi munthu, werengani nambala ya patsaya musanawerenge china chilichonse.

Koma nambala yabwino ndi iti? Apa musakhulupirire ine kapena wina aliyense, funsani pulinta yeniyeniyo ndi pepala lenilenilo. Chimene tinachita n'chotchipa, mtengo wake ndi wa pepala limodzi la A4. Tinajambula timabokosi 11 mondandalika, togundana, koyamba ka R, G ndi B zonse 0, kachiwiri zonse 5, kachitatu 10, mpaka 50, n'kulemba nambala pansi pa kalikonse. Pansi pake tinaika nkhope ya mkwati kanayi, yoyamba mmene inalili, zinazo zowalitsidwa mosiyanasiyana: patsaya 85, 58, 46, kenako 105, 72, 56, yomaliza 125, 88, 70. Tinapita nalo kwa mnyamata yemwe uja amene mtsikanayo ankafuna kumukalipira, tinamuuza apulinte pa khadi lomwe lija, ndi makonzedwe omwe aja.

Pepala litatuluka tinaima nalo pakhonde, pamthunzi. Timabokosi toyambira 0 mpaka 25 tinali mzere umodzi wakuda, malire osaoneka. Kusiyana kunayamba kuoneka pa 30. Pamenepo suti ija inali itadzifotokoza yokha: makwinya ake onse anali pakati pa 8 ndi 20, malo amene pulinta imeneyo, pa pepala limenelo, inkawaona ngati chinthu chimodzi. Pa nkhope zinayi zija, yoyamba inali mdima womwe uja, yachiwiri inkaoneka koma movutikira, yachitatu inali mkwati weniweni monga timamuonera pamsika. Yachinayi inatuwa, mtsikana wa eni ake anaoneka ngati wadzola mafuta oyeretsa khungu. Ndikutchula imeneyi dala, chifukwa achinyamata ambiri akapsa kamodzi amathawira mbali inayo, n'kumayezula aliyense. Cholinga si kusintha khungu la munthu. Cholinga n'choti khungu lake lifike papepala mmene lilili.

Kukonza kwake kunali kwa mphindi khumi. Tinaika `Curves` ngati leya yapadera pamwamba pa chithunzi, kuti choyambiriracho chisawonongeke. Tinagwira mzere chakumunsi n'kuukweza mpaka `Info` inaonetsa patsaya pafupi ndi 105, 72, 56. Kukweza kumeneku kukanapsereza diresi ndi nyanja, ndiye tinazibisa ndi masiki ya leyayo, popaka ndi bulashi yofewa, kuwalako n'kutsala pa nkhope, pamanja ndi pa suti. Pa suti tinakweza mpaka makwinya ake anakwera pamwamba pa 30, mdima weniweni n'kuusiya m'khwapa ndi pansi pa kolala basi. Chimene simuyenera kuchita ndi kukoka `Brightness` ya chithunzi chonse mwachimbulimbuli. Nkhope idzabwera, inde, koma leyisi ya diresi idzapita, ndipo mayi wa mkwati adzakana khadi pa chifukwa china. Manambala apamwamba nawonso ali ndi malire ake: akadutsa cha m'ma 245, mapulinta ambiri saikapo inki yooneka, pamangotsala pepala.

Pa sikirini yake yakale, yowala mpaka kumapeto, chithunzi chokonzedwacho chikanaoneka choyezuka, ndipo akanachibwezera ku mdima. N'chifukwa chake ndinayamba ndi kuwala kwa sikirini.

Nkhani yoti timabokosi tamdima timamatirirana ili ndi chifukwa chake, ndipo ndi bwino muchidziwe kuti muzitha kuyankhulana ndi opulinta. Makina ambiri alibe inki yotuwa pang'ono, yotuwa kwambiri ndi zina zotero. Ali ndi inki zinayi: C yabuluu woyererako, M yofiirira ngati pinki, Y yachikasu ndi K yakuda. Mitundu ina yonse amaipanga ndi timadontho ting'onoting'ono, diso n'kumatisakaniza lokha. Dontho likagwera papepala silikhala mmene linatulukira, limafufuma. Donthezani inki pa mbale ya dothi lopsa ndi pa nsalu ya thonje, muona kusiyana: pa mbale limaima, pa nsalu limalowerera n'kumwazika. Pa makina akuluakulu osindikizira mabuku, malo amene fayilo yati inki ikute 50 peresenti amaoneka ngati 64 pa pepala losalala lonyezimira, ngati 70 pa pepala wamba, ndipo pa pepala la nyuzipepala amafika cha m'ma 76. M'malo amdima, kumene madontho ndi aakulu kale ndipo timipata toyera ndi tating'ono, kufufumako kumatseka timipatato, zonse n'kukhala chinthu chimodzi. Mapulinta a inki a m'mashopu athu amapopera mosiyana ndi makina akuluakuluwo, koma khalidwe la pepala ndi lomwelo: lomwa inki limadetsa ndi kuzimiririka, losalala limasunga tsatanetsatane.

Ndiye pepala loyesera lija si la moyo wonse. Mukasintha pepala, kuchoka pa gilosi kupita pa khadi lokhakhala limene anthu amalikonda pa maukwati, pulintaninso. Ine ndili ndi envelopu yodzaza ndi mapepala oterewa, kumbuyo kwa lililonse ndinalemba malo, makina, mtundu wa pepala ndi tsiku. Laminesheni nayonso imasintha maonekedwe: yonyezimira imazamitsa mitundu, yosanyezimira imaiziziritsa. Ngati menyu ikamatidwa, pepala loyesera limatidwenso. Ndipo nyengo ya mvula, ndi chinyezi cha kunyanja kuno, rimu yosiyidwa pamtunda imamwa chinyontho, inki n'kumamwazika kuposa masiku onse. Muuzeni wopulinta atenge pepala la m'paketi yotseka.

Tsopano za RGB ndi CMYK, chifukwa ndikudziwa wina wakuuzani kale kuti "ingosinthani ikhale CMYK, vuto litha". Malangizo amenewa ndi theka la choonadi ndipo awonongetsa ntchito zambiri. Zimadalira makina. Mapulinta a inki a matanki amene ali m'mashopu ambiri a pa Boma, olumikizidwa ku kompyuta mwachindunji, amalandira RGB, n'kusintha okha kupita ku inki zawo. Mukawapatsa fayilo ya CMYK, kompyuta imaibwezera kaye ku RGB, kenako pulinta n'kuisinthanso, ndipo paulendo wobwerezabwerezawu mitundu imafika yotopa ndi yamatope. Kwa amenewa perekani RGB, ndipo ikhale ya sRGB. Onani pa `Edit > Convert to Profile`, musankhe `sRGB IEC61966-2.1`, ndipo posunga fayilo chongani kabokosi ka `ICC Profile` kuti pulofayiloyo, chizindikiro chouza makina mtundu weniweni umene manambala aja akuimira, iyende ndi fayilo. Ojambula ena amaika makamera awo pa Adobe RGB. Chithunzi chotero chikatsegulidwa pa kompyuta yosasamala za mapulofayilo, mitundu imafooka ndipo khungu limatuwa. Samalani kuti musasokoneze ndi `Assign Profile`: imeneyo siisintha manambala, imangosintha chizindikiro, ngati kumata pepala lolembedwa shuga pa botolo la mchere.

CMYK ndi ya pamene ntchito ikupita ku makina akuluakulu, monga makalendala 2,000 kapena timabuku totumiza ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Pamenepo imbani foni mufunse mafunso awiri: pepala ndi lanji, ndipo mukufuna pulofayilo iti. Pulofayilo ndi imene imadziwa kuti madontho adzafufuma bwanji, n'kuchepetseratu inki mofanana. Photoshop mukaisiya mmene inabwerera imagwiritsa ntchito `U.S. Web Coated (SWOP) v2`, yomwe ndi ya pepala losalala. Mukasintha ndi imeneyo koma ntchito n'kusindikizidwa pa pepala wamba, inki idzachuluka ndipo zonse zidzada. M'ndandanda womwewo muli `Coated FOGRA39` ya pepala losalala ndi `Uncoated FOGRA29` ya pepala wamba. Akakuyankhani kuti "ingotumizani", sankhani yogwirizana ndi pepala, ndipo muumirire kuona pepala loyesera.

Pulofayilo mukaidziwa mutha kuoneratu pa sikirini mmene pepala lidzachitire. Pitani pa `View > Proof Setup > Custom`, sankhani pulofayiloyo, chongani `Simulate Paper Color`. Chithunzi chidzafooka nthawi yomweyo mpaka mtima kuwawa. Yang'anani kumbali kwa kamphindi, mubwererenso, muyambe kukonza mukuona zimenezo. `Ctrl+Y` imayatsa ndi kuzimitsa maonekedwewa. Ngati mumagwiritsa ntchito CorelDRAW monga anzathu ambiri kuno, zofananazo zili pa `Tools > Color Management`. Koma kumbukirani kuti zonsezi n'zopanda pake ngati sikirini ikadali yothobwa m'maso.

Mitundu iwiri ndiitchule payokha chifukwa ndi imene imabweza ntchito kuno. Woyamba ndi buluu. Aliyense wa malo ogona alendo, kuyambira ku Makawa mpaka ku Chembe, amafuna buluu wa nyanja pa menyu yake. Buluu wowala wa pa sikirini, wa 0, 0, 255, inki siingamupange. Akasinthidwa amagwera ku C ndi M zambiri zoyandikana, ndipo papepala amatuluka wakuda, wopendekera ku pepo. Lamulo lakale la m'nyumba zosindikizira n'loti M ikhale pansi pa C ndi 30 kapena kuposa. C 100 ndi M 70 imakupatsani buluu wozama amene akadali buluu. Pofuna wowala wa madzi osaya, tsitsani M kufika 30 kapena 40. Wachiwiri ndi wakuda. Wakuda wa RGB mukamusintha ndi pulofayilo ya SWOP ija amasanduka C 75, M 68, Y 67, K 90, zomwe zikaphatikizidwa ndi inki 300 peresenti pamalo amodzi. Pepala losalala limapirira. Pepala wamba limanyowa, limachedwa kuuma, limadetsa linzake, ndipo zilembo zing'onozing'ono zoyera zolembedwa pamwamba pake zimatsekeka. Pa zilembo zakuda ikani K 100 yokha. Pa malo aakulu akuda, K 100 ndi C 40 zimakwana. Ndipo poti makadi akuda okhala ndi zilembo zagolide ali m'fasho, dziwani kuti golide wa pa sikirini papepala ndi chikasu choderako basi, sanyezimira. Muwalitseni kuposa mmene mtima ukufunira ndipo zilembo zisaonde.

Sindikunena kuti opulinta salakwa. Imani pambali pamene akutumiza ntchito yanu, muone chimene asankha pa `Paper Type` kapena `Media Type`. Kusankha kumeneku ndi kumene kumauza makina kuchuluka kwa inki. Akasankha pepala la zithunzi koma m'makina muli pepala wamba, inki imachuluka, pepala limapindika ndipo zonse zimada. Onaninso kuti amene akuyendetsa mitundu ndi mmodzi. Pa `Color Handling` mu Photoshop, ngati mulibe pulofayilo ya pulintayo, siyani pa `Printer Manages Colors`. Mukasankha kuti Photoshop iyendetse pomwe pulinta nayonso ikuyendetsa, mitundu imakonzedwa kawiri n'kusokonekera. Fayilo muzipita nayo pa fulashi, ya PDF kapena JPG yosapanikizidwa kwambiri. Ngati n'kutumiza pa WhatsApp, itumizeni ngati `Document`, chifukwa ikapita ngati chithunzi imafinyidwa ndipo mithunzi ndi imene imayamba kuphwanyika.

Mudziwa bwanji kuti tsopano vuto ndi la makina, si lanu? Timabokosi tija tikuuzani. Tonse ndi totuwa, R, G ndi B zofanana. Tikatuluka tobiriwira kapena tofiirira, kapena muli mizeremizere yopingasa, ndiye kuti mutu wa pulinta watsekeka mbali ina kapena inki yothiridwamo si yabwino. Apempheni apulinte `Nozzle Check`, mizere yoduka idzaonekera, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wokonza makina. Chimodzimodzi ngati fayilo yomweyo, pepala lomwelo, Lolemba yatuluka bwino koma Lachinayi yada. Pamenepo musasinthe fayilo yanu pothamangitsa makina odwala, chifukwa tsiku limene adzakonzedwe ntchito zanu zonse zidzayezuka. Komanso ngati timabokosi tikumatirirana mpaka 45 kapena 50 pa pepala labwino, makinawo akuthira inki mopyola, sakani kwina.

Kachipangizo koyezera sikirini, kamene amakapachika pagalasi n'kupanga pulofayilo ya sikiriniyo, mudzakafune mukadzayamba kugwira ntchito za makampani amene mtundu wa chizindikiro chawo suyenera kusuntha. Ndi kodula, ndipo ndi bwino kubwereka kapena kusonkherana ndi anzanu, popeza kamagwira ntchito mphindi zochepa pakapita milungu ingapo. Ndalama ikapezeka, ine ndingayambe ndagula monita yapadera ya mtundu wa IPS, imene siisintha mukaiyang'ana chammbali. Kuyeza sikirini imene imasintha mukangoweramitsa mutu kuli ngati kuyeza ufa ndi chitini chobooka.

Chinanso chimene sitichiganizira ndi malo amene pepala likaonedwere. Nyumba zosindikizira zazikulu zili ndi tebulo la nyali zapadera zofanana ndi kuwala kwa masana. Ife tili ndi khonde. Onerani ntchito pamthunzi panja kapena pakhomo, osati padzuwa lenileni, osatinso m'kati mwa shopu yamdima. Koma khadi la ukwati likawerengedwa pabalaza madzulo, pansi pa babu limodzi, mwina ndi gogo wa maso otopa. Menyu ikawerengedwa pa chakudya chausiku kugombe. Ntchito zoterezi ndimaziwalitsa pang'ono kuposa zimene khonde landiuza. Banala yokapachikidwa panja pafupi ndi mlatho, padzuwa tsiku lonse, siifuna zimenezo.

Kasitomala nayenso ali ndi nyali yake m'manja. Mukamutumizira dizayini pa foni n'kuyankha kuti "zili bho", wavomereza chinthu chimene palibe pepala lingachipange, chifukwa mafoni amawala kuposa malaputopu. Mtsikana uja anaphunzira izi mowawa ngati inu. Makadi ake anali 200, ndipo anabweza ndalama ya mapepala kuchokera m'thumba mwake. Ulendo wachiwiri anapulinta khadi limodzi lokha, anakwera kabaza mpaka kunyumba kwa mayi wa mkwati ku Mpondasi, anawapempha atuluke nalo pakhonde. Mayiwo analiyandikiza kumaso, analitalikitsa, anaitana mng'ono wawo kuti adzaone, kenako anati, "Eya, uyu ndiye mwana wanga." Anawapatsa cholembera kuti asayine kumbuyo, ndipo khadi losayinidwalo analisiya pambali pa pulinta pamene ena 199 ankatuluka, akumayerekezera pakatuluka makumi awiri alionse.

Kwa mayi wanu uja chitani chimodzimodzi, ngati tsiku la ukwati silinadutse. Musapite ndi laputopu kukawaonetsa kuti pa sikirini zinali bwino, mudzangowakwiyitsa. Tsegulani fayilo usiku uno, dinani `F8`, muwerenge patsaya la mwana wawo. Ngati nambala yoyamba ili pansi pa 70, mwachipeza. Mawa m'mawa pulintani timabokosi ndi nkhope zinayi pa khadi lomwelo, musankhe yabwino, mupange khadi limodzi lathunthu, mupite nalo. Mtengo wa khadi loyeserali muziuwerengera m'malipiro a ntchito iliyonse kuyambira pano. Ndipo makadi 150 okanidwawo musawataye, kumbuyo kwake n'koyera, ndi pepala lokwanira kuyesera ntchito za chaka chonse.